Ndithandizeni kusintha dzina ndi pasiwedi ya MiFi ya Huawei E5577

Abale ndi alongo, amene mumadziwa za timakina ta Wi-Fi tonyamula m'thumba, ndipulumutseni. Dzina ndi pasiwedi zimene kamakinaka kanabwera nazo zalembedwa pakapepala kamene kali pansi pa batire, ndiye aliyense wotsegula chivindikiro atha kumandithera bandulo.

Ndimayamba ndazimitsa data ya m'foni, n'kulumikiza foniyo ku Wi-Fi ya MiFi. Kenako ndimatsegula browser n'kulemba 192.168.8.1 pamwamba penipeni polembera adiresi, osati pofufuzira. Tsamba limatseguka bwinobwino, ndipo ndikalemba admin pa dzina ndi admin pa pasiwedi ndimalowa.

Vuto limayambira pa Settings, WLAN, WLAN Basic Settings. Pamenepo ndasintha SSID, lomwe ndi dzina la Wi-Fi, ndasankha WPA2-PSK, ndaikanso pasiwedi ya zilembo 12, kupitirira 8 zimene zimafunika. Nditangodina Apply, foni inaduka. Zimenezi sizikundidabwitsa, chifukwa Wi-Fi imadzima kaye n'kuyakanso ndi dzina latsopano. Foniyo inalowanso nditalemba pasiwedi yatsopano, koma laputopu ikukana ngakhale dzinalo ikuliona. Pasiwediyo ili ndi chizindikiro cha @. Kodi mwina kiyibodi ya laputopu ikulemba china pamalo pake? Nanga ndingaone bwanji zimene ndikulembazo, poti zimangotuluka timadontho?

Funso lina: ndikasinthanso pasiwedi ya admin n'kuiiwala, njira yake ndi kabatani ka Reset kokha, kaja kali mkati mwa chivindikiro? Kamabwezeretsa zonse mwakale, ndiye APN yolumikizira SIM ku intaneti, imene ndinalemba pamanja, iyenera kulembedwanso. Ilipo njira yoisungira ndisanadine?