Ndithandizeni: mkangano wa dzina la okala ukungozungulira

Moni nonse alembi anzanga. Nkhani yanga yaifupi, ya mawu pafupifupi 1,500, yaima pakati penipeni.

Mayi wogulitsa usipa ndi nyemba mumsika wa Limbe wamanga okala atakhala zaka 12 akuyala malonda pansi. Akufuna ilembedwe "Zonse ndi Nthawi". Mwana wake wamwamuna, yemwe anagula malata 6, akufuna dzina la malemu bambo awo. Wamkazi akuti lachingerezi ndilo lingakope makasitomala. Wolemba zikwangwani ali chiimire ndi kachitini ka penti, ndipo amalipiritsa pa chilembo chilichonse.

Vuto ndi lakuti aliyense akatchula dzina lake, amangobwereza zomwezo. Pofika tsamba lachitatu palibe chasintha.

Ndinayesa kuti wofotokoza akhale mwana wamkazi, koma mayiyo anaoneka wouma mutu chabe. Ndinawakalipitsa anawo, koma sizinamveke zoona, pakuti mwana woleredwa bwino sangawalalatire amayi ake pagulu. Amati "Amayi, tamaganizaninso" uku akuyang'ana pansi. Ndinadulanso zokambirana ndi theka, nkhani inangozizira.

Chimene mayiyo akubisa n'chakuti mwamuna wakeyo ankamuletsa geni, n'chifukwa chake sakufuna dzina lake pamwamba pa chitseko. Anawo sakudziwa.

Kodi chinsinsichi achiulule ndi pakamwa pake, kapena owerenga achitulukire okha, mwina kudzera mwa mayi wa benchi yoyandikana? Nanga mkangano wa ana aulemu ndingaukweze bwanji popanda wina kukweza mawu?