Malikisi osawerengeka bwino ndi okhwatchidwa m'kaundula: ndilowetse ati mu Excel?

Mayi Nkhoma, Kawale

Moni kwa nonse, makamaka aphunzitsi ndi anzanga a m'maofesi a sukulu. Ndine kalaliki pasukulu ina ya sekondale muno mu Lilongwe, ndipo ndapatsidwa kaundula wa malikisi a masamu a Fomu 3 a teremu yapitayi kuti ndiwalowetse mu Excel, popeza malipoti a ana ayamba kusindikizidwa pakompyuta. M'kaundulamu muli ophunzira 64, ndipo aliyense ali ndi manambala atatu: malikisi a ntchito za m'kati mwa teremu pa 40, a mayeso omaliza pa 60, ndi ophatikiza pa 100 amene aphunzitsi anawonkhetsa okha pamanja. Pasukulu pathu kukhoza kumayambira pa 40. Aphunzitsi amene analemba kaundulayu anasamutsidwira ku Mchinji, ndipo foni yawo siipezeka kawirikawiri.

Ndaima pa malo atatu. Aphunzitsiwa amalemba 1 wokhala ndi kamutu kopindika ndipo 7 wawo samudula pakati, kotero pa mwana wina sindikudziwa ngati analemba 21 kapena 27, pamene mayeso ake omaliza ndi 34 ndipo ophatikiza ndi 61. Mwana wina ali ndi 14 pa ntchito za m'kati mwa teremu, koma pa mayeso omaliza pali 18 wokhwatchidwa, pamwamba pake palembedwa 28 ndi cholembera chakuda pamene tsamba lonse ndi la inki yabuluu, palibe amene anasainapo, ndipo ophatikiza akadali 32. Pomaliza, ana ena m'mabokosi awo muli kamzere, ena muli 0, ena mulibe kanthu. Ndilowetse chiyani pa malo amenewa kuti ndisalakwire mwana?

Bambo Chirwa, Area 25

Mayi, zimenezi zisakusowetseni tulo. Munthu akakhwatcha nambala ndi kulemba ina, ndiye kuti yoyamba ija waikana, choncho lowetsani 28 ndipo kompyuta iwonkhetsa yokha n'kupeza 42. Pamene pali kamzere kapena palibe kanthu ikanipo 0, chifukwa mabokosi opanda kanthu amasokoneza mafomula.

Mayi Gondwe, mphunzitsi wa masamu, Likuni

Ndiyambe ndi nambala yosawerengekayo, chifukwa yankho lake lili m'kaundula momwemo. Mukachotsa 34 pa 61 mutsala ndi 27, pamene 21 ndi 34 zikanapanga 55. Muonenso kuti 61 ameneyu akuthera ndi 1 yemweyo wokayikitsa, koma akanakhala 67 ndiye kuti nambala yoyamba ikanakhala 33, yomwe siikufanana ndi zimene zili papepala. Choncho 27 ali ndi umboni wokwanira. Kuti mtima ukhale m'malo, fufuzani pamasamba ena pamene pali 1 ndi 7 amene mawonkhetso awo akugwirizana mosakayikitsa, muyerekeze kalembedwe kake, chifukwa dzanja la munthu silisintha pakati pa tsamba ndi tsamba.

Pa 18 ndi 28 sindikugwirizana ndi a Chirwa. Zimachitikadi kuti mwana akalandira pepala lake amabwera kudzadandaula kuti aphunzitsi analakwitsa kuwonkhetsa, ndipo kusiyana kwa 10 ndi kumene kumabwera munthu akaiwala kusenza 1 powonkhetsa, kotero 28 akhoza kukhala woona. Koma mphunzitsi amene wakonza malikisi amakonzanso ophatikiza pa nthawi yomweyo, ndipo pano 32 sanakhudzidwe, yemwe ndi 14 ndi 18. Inki ndi yosiyana, siginecha palibe, ndipo kusinthaku kukuchotsa mwana pa olephera kumuika pa okhoza. Sindikunena kuti wina anachita chinyengo, ndikunena kuti amene akukopera alibe mphamvu yogamula nkhani imeneyi. Yang'ananinso mzere wa pamwamba ndi wa pansi pake, chifukwa nthawi zina mphunzitsi amalemba malikisi a mwana wina pa mzere wa mnzake, kenaka n'kukhwatcha.

Shiti yanu muikonze motere. Ndime A ikhale ya nambala ya mwana monga ilili m'kaundula, B dzina, C ntchito za m'kati mwa teremu, D mayeso omaliza, E ophatikiza amene aphunzitsi analemba. Ndime E imeneyi muilembe pamanja monga mwaionera ngakhale mukuona kuti ndi yolakwika, chifukwa ndiyo mboni yanu. Mu F kompyuta iwonkhetse yokha, mu G iyerekeze ziwirizi:

```
=IF(COUNT(C2:D2)=2,C2+D2,"")
=IF(F2="","ZOSAKWANA",IF(F2=E2,"","ONANI"))
```

Fomula yoyamba imawonkhetsa pokhapokha manambala onse awiri alipo. Mukangolemba `=C2+D2`, bokosi lopanda kanthu limatengedwa ngati 0, ndipo mwana uja aoneka ngati anapeza 14 pa 100. Ndime H ikhale ya ndemanga. Pa mwana wa nambala yokhwatchidwayo siyani D popanda kanthu, ndipo mu H mulembe kuti "18 wokhwatchidwa, 28 pamwamba ndi inki yakuda, palibe siginecha, ophatikiza 32, tsamba 2". Ngakhale pa 27 uja mulembe kuti mwamupeza pochotsera, kuti wobwera pambuyo panu adziwe kumene anachokera.

A Mwale, Chinsapo

Mayi Nkhoma, tajambulani tsambalo muliike pano tikuthandizeni kuwerenga, maso ambiri saphonya. Ine vuto langa linali lina pamene ndinkalowetsa malikisi a ku pulayimale: ndikalemba 7/10 kompyuta inkasandutsa nambalayo kukhala tsiku ndi mwezi, ndipo ndikalemba 07 inkachotsa ziro wakutsogolo.

Mayi Nkhoma, Kawale

Zikomo a Mwale, koma tsambalo lili ndi mayina a ana a eni ake pamodzi ndi malikisi awo, ndipo gulu lino limawerengedwa ndi aliyense, kotero sindingaliike pano. Mayi Gondwe, ndayesa mafomula anu, ndipo mawu akuti ONANI atuluka pa mizere isanu imene sindinkaikayikira n'komwe. Kodi pamenepo ndikhulupirire kompyuta kapena aphunzitsi?

Mayi Gondwe, mphunzitsi wa masamu, Likuni

Musakhulupirire aliyense msanga. Mawu amenewo akungokuuzani kuti manambala atatuwo sakugwirizana, ndipo kukula kwa kusiyanako ndiko kumaloza kumene kwalakwika. Ngati F ndi E zasiyana ndi 9, 18 kapena 27, kawirikawiri manambala asinthana malo polemba, monga 32 m'malo mwa 23, ndipo mubwerere kukaundula mukaone ngati ndi zala zanu. Zikasiyana ndi 6, ganizirani 1 ndi 7 kapena 0 ndi 6. Zikasiyana ndi 5, ganizirani 3 ndi 8 kapena 4 ndi 9. Zikasiyana ndi 10 ndipo manambala onse akuwerengeka bwino, ndiye kuti mwina aphunzitsi ndiwo analakwitsa kuwonkhetsa, ndipo mzere umenewo upite kwa akuluakulu pamodzi ndi wa 18 uja.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mukalemba malikisi onse atatu a mwana wina pa dzina la mnzake, mawonkhetso agwirizana bwinobwino ndipo kompyuta siidandaula. N'chifukwa chake muyenera kuika rula pansi pa mzere umene mukukopera, ndipo mukamaliza mupeze mnzanu woti aziwerenga kaundula mokweza, dzina ndi manambala ake, inu mukuyang'ana pakompyuta. Musasanje mayina motsata alifabeti musanamalize kuchita zimenezi.

A Mwale, lembani 7 yekha m'bokosi, ndipo mawu akuti "pa 10" akhale pamutu pa ndime. Ziro wakutsogolo alibe ntchito pa malikisi. Chimene muyenera kuopa ndi nambala imene yakhala kumanzere kwa bokosi m'malo mwa kumanja, chifukwa imeneyo kompyuta yaitenga ngati mawu, monga zimachitikira munthu akalemba 27? kapena akaika chilembo O m'malo mwa 0.

Bambo Kamanga, mphunzitsi wamkulu wopuma, Mitundu

Ine za kompyuta sindizidziwa kwenikweni, koma za kaundula ndinakhala nazo zaka zambiri. Mayi Nkhoma, musalembe chilichonse m'kaundulamo, ngakhale ndi pensulo, ndipo musadutsenso pa nambala yofooka kuti ioneke bwino, chifukwa tsiku limene kholo lidzabwere kudzafunsa mudzalephera kusiyanitsa dzanja la aphunzitsi ndi lanu. Lembani mizere yonse yokayikitsa papepala limodzi, mupereke kwa mkulu wa dipatimenti kapena wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, iwo agamule ndi kusaina, ndipo pepalalo lisungidwe pamodzi ndi kaundula. Umboni weniweni wa 18 kapena 28 ndi pepala la mayeso la mwanayo. Ngati mapepala anabwezedwa kwa ana, aitanidwe mwakachetechete abwere nalo, ndipo mphunzitsi wina awonkhetse funso ndi funso, osangoona nambala yozunguliridwa pamwamba, chifukwa nayonso ikhoza kusinthidwa.

Bambo Chirwa, Area 25

Pa 28 ndavomera kuti adikire. Koma pa kamzere ndikadali pomwepo. Mwana amene wathawa mayeso akasiyidwa popanda malikisi, avereji yake imaoneka yabwino kuposa ya mnzake amene analimba mtima kulemba n'kupeza 12, ndipo pa manambala a m'kalasi wothawayo amakhala patsogolo.

Mayi Gondwe, mphunzitsi wa masamu, Likuni

Nkhawa yanu ndi yomveka, Bambo Chirwa, koma limenelo ndi lamulo loti sukulu ikhazikitse, ndipo liyenera kusiyanitsa wothawa ndi wodwala kapena amene anali kumaliro. Wokopera akangothira 0 paliponse, kusiyana kumeneko kwafufutika. Tengani ana anayi, atatu apeza 50, 60 ndi 70, wachinayi sanalembe. AVERAGE imalumpha bokosi lopanda kanthu n'kupereka 60, koma mukaikamo 0 imamuwerengera n'kupereka 45, ndipo kalasi yonse imaoneka ngati yachita mochepera kuposa mmene yachitira. Pamene aphunzitsi analemba 0 alowetse 0. Pamene pali kamzere asiye popanda kanthu ndi kulemba "kamzere" mu H, ndipo pamene sanalembe chilichonse alembe "palibe", chifukwa mwina mwanayo analemba mayeso koma pepala lake silinalowetsedwe. Kaundula wa tsiku ndi tsiku ndi amene angasonyeze ngati anabwera tsiku la mayesolo. Sukulu ikafuna kupereka 0 kwa othawa, ichite zimenezo mu ndime ina.

Bambo Chirwa, Area 25

Pasukulu pathu timapereka 0 kwa aliyense amene alibe kalata ya kuchipatala, ndipo sindikuona kuti tikulakwa.

Mayi Nkhoma, Kawale

Ndikuthokoza nonse. Pa mizere isanu ija, itatu inali 1 ndi 7 ndipo yagwirizana nditayerekeza ndi masamba ena, pamene iwiri yasiyana ndi 10 ndipo ndaipereka kwa mkulu wa dipatimenti. Aphunzitsi a ku Mchinji apezeka pa foni dzulo madzulo. Anena kuti kamzere ndi mwana amene sanalembe, koma za 28 sakukumbukira, ngakhale avomera kuti nthawi zina ankabwereka cholembera chakuda. Mwanayo akuti pepala lake analisiya kwa agogo ake ku Dedza ndipo alibweretsa Lolemba. Malipoti akuyenera kutuluka Lachisanu likubwerali, ndipo akuluakulu sanagwirizanebe ngati lipoti lake lidikire kapena lituluke bokosi la masamu lili lopanda kanthu.