Nthanda ya pa Yesaya 14:12 ndi Satana kapena mfumu ya ku Babulo? Ndithandizeni Lachitatu lisanafike

Mlaliki wa ku Mponela
Moni atumiki nonse. Ndili ndi vuto ndithu. Lamulungu lapitali ndinalalikira za kudzikuza, ndinatenga Yesaya 14:12-15 nkunena kuti umu ndi mmene Lusifala anagwera kuchoka kumwamba. Titaweruka mkulu wa mpingo wina, agogo amene anaphunzitsa sukulu zaka zambiri, anandiitanira pambali kuseri kwa vesitile atatsegula Buku Lopatulika lawo lakale lomangidwa ndi labala, chala chili pa vesi 4, nkundifunsa kuti alaliki, Lusifala ali pati apa? Ndinayang'ana ndipo zoona mulibe dzinalo, mwalembedwa nthanda, mwana wa mbandakucha, ndipo vesi 4 ikuti nyimboyi aimbire mfumu ya ku Babulo. Ine ndinakonzekera ndi Baibulo la Chingerezi la King James. Tsopano Lachitatu ndili ndi kalasi ya achinyamata pa mutu womwewu ndipo agogowo ati abwera kudzamvera. Ndikaphunzitse chani?

Abusa a ku Ndirande
Musagwedezeke mtumiki, ameneyo ndi Satana basi. Ndi munthu uti anganene kuti ndidzakwera kumwamba, ndidzakweza mpando wanga pamwamba pa nyenyezi za Mulungu, ndidzafanana ndi Wammwambamwamba? Komanso Ambuye eni ake pa Luka 10:18 anati ndinaona Satana alikugwa ngati mphezi kuchokera kumwamba. Omasulira Chichewa anangochotsa dzina koma nkhani ndi yomweyo.

Aphunzitsi a Chihebri, Zomba
Abusa a ku Ndirande, pa Luka 10 mwagwira penipeni ndipo ndibwererapo, koma zoti omasulira anachotsa dzina ndiye ayi. Sanachotse kanthu chifukwa mu Chihebri mulibemo dzina loti Lusifala. Mawu ake ndi helel ben shahar, kutanthauza wowala, mwana wa mbandakucha. Ayuda amene anamasulira mu Chigiriki Yesu asanabadwe analemba heosphoros, wobweretsa mmawa, ndiye nyenyezi ija imatuluka kummawa kusanache. Jeromu pomasulira mu Chilatini cha mma 400 anagwiritsa mawu oti lucifer, wonyamula kuwala, amene kwa Aroma linali dzina wamba la nyenyezi yomweyo. Kenako King James ya 1611 sinamasulire mawu a Chilatiniwo, inangowasiya momwemo nkuika chilembo chachikulu, basi anthu nkumawerenga ngati dzina la munthu. Ndiye akuluakulu aja amene anatipatsa nthanda anachita bwino kwambiri, anabwerera ku chimene Chihebri chikunena.

Chimene chimadabwitsa ophunzira anga chaka chilichonse ndi ichi, pa 2 Petro 1:19 pamene akunena za nthanda kutuluka mmitima yanu, Baibulo la Chilatini lili ndi mawu omwewo lucifer, ndipo apo sakunena za mdyerekezi mpang'ono pomwe. Kunalinso bishopu wa ku Cagliari, ku Italiya, mzaka za mma 300 dzina lake Lucifer, Mkhristu wolemekezeka, palibe amene ankaona chachilendo pa dzinalo nthawi imeneyo.

Alaliki, musanakaime pamaso pa achinyamata werengani nyimbo yonse kuyambira vesi 4 mpaka 21 mokweza, osati mavesi anayi okha. Yapangidwa ngati nyimbo ya maliro koma cholinga chake ndi kunyogodola wakufayo. Dziko lapuma, anthu akuimba, ngakhale mikungudza ya ku Lebano ikusangalala kuti chigonere iwe palibe wabwera kudzatidula. Kunsi kwa manda mafumu akufa akudzuka pamipando yawo kumulandira, akuti nawenso walefuka ngati ife? Vesi 11 mphutsi ndiye mphasa yake, zina zamufunda. Vesi 16 oyang'ana akufunsa kuti kodi uyu ndi munthu uja anagwedeza dziko, ndipo Chihebri chikunena munthu ndithu. Vesi 19 ndi 20 mtembo wake watayidwa kunja osaikidwa ngati mafumu anzake. Mngelo alibe mtembo woti mphutsi zidye.

Mayi Mvangeli, Kasungu
Zikomo aphunzitsi. Ine funso langa ndi la kwaya, amayi a kwathu amati Lusifala anali kwayamasitala kumwamba nchifukwa chake oimba amavuta, ndipo chaka chatha mtsikana wina woimba bwino zedi anasiya kwaya atauzidwa kuti mzimu umenewo umatsata oimba. Ndinamuyendera kwawo ndinamupeza akulira. Zimenezi zili pa chaputala chomwechi?

Aphunzitsi a Chihebri, Zomba
Mayi, zimachokera malo awiri ndipo onse ndi ofooka. Vesi 11 imatchula kulira kwa zoimbira zake kukutsikira kumanda, koma izo ndi zoimbira za mnyumba ya mfumu, za pa maphwando ake. Kwina ndi Ezekieli 28:13 pamene King James ili ndi mawu onena za malingaka ndi zitoliro, koma Chihebri cha pamenepo nchovuta ndipo mabaibulo ambiri amamasulira ngati zoikamo miyala ya mtengo wapatali. Palibe vesi imene imati anali wotsogolera nyimbo. Mtsikanayo mukamuuze abwerere.

Abusa a ku Ndirande
Chabwino za dzina ndamva. Koma simunayankhe, mfumu ya padziko ingalankhule bwanji zokwera kumwamba? Ndipo ngati ndi mfumu tiuzeni dzina lake.

Aphunzitsi a Chihebri, Zomba
Ili ndiye funso lenileni. Mafumu a nthawi imeneyo kudzikweza kotere kunali chakudya chawo, ndipo aneneri amawayankha ndi chilankhulo chomwecho. Onani Ezekieli 28:2, kalonga wa ku Turo akuti ine ndine mulungu, mneneri nkuti ndiwe munthu, suli Mulungu. Obadiya vesi 4 akuuza Edomu kuti ungakhale umange chisa pakati pa nyenyezi ndidzakutsitsa, palibe amene amati Edomu anali mngelo.

Koma pa Yesaya pali china choonjezera. Vesi 13 imatchula phiri la msonkhano kumpoto kwenikweni, Chihebri chake Zafoni. Kuchokera 1929 akatswiri atayamba kukumba mzinda wakale wa Ugarit mmbali mwa nyanja ku Siriya anapeza zolemba zosonyeza kuti Zafoni linali phiri la Baala. Mmenemo mulinso nthano ya mulungu wina Athtar amene anakwera kukakhala pampando wa Baala, mapazi osafika pa chopondera, mutu osafika pamwamba, nkutsika. Akatswiri sagwirizana ngati Yesaya akutenga nthano imeneyi kapena ina, koma zikuoneka kuti mneneri akubwereka chithunzi chimene omvera ake ankachidziwa, cha wakumwamba wofuna mpando wosakhala wake, nkumuveka mfumuyo. Ndiye abusa mukamva fungo la kumwamba mmavesi amenewa simukulakwa, chithunzicho nchakumwambadi, koma wovekedwayo ndi munthu.

Dzina la mfumu silinatchulidwe. Ena amati Nebukadinezara, ena amati mafumu onse a Babulo amene ufumu wawo unagwa mu 539 Yesu asanabadwe. Ena amaloza Sarigoni wachiwiri wa ku Asuri, amene analamuliranso Babulo ndipo anafera kunkhondo mu 705, mtembo wake sunabwere kudzaikidwa, zimene zikufanana kwambiri ndi vesi 19. Ine ndimapendekera kwa Sarigoni koma sindingaikepo khosi.

Katekisiti wa ku Dedza
Ngati zili choncho nanga zinayamba bwanji kuti mpingo wonse uziwerenga za Satana? Ife tinakula tikumva choncho, sizingakhale kuti onse anangosokera ndi chilembo chachikulu cha King James, poti ife Akatolika sitigwiritsa ntchito limenelo.

Aphunzitsi a Chihebri, Zomba
Zoona a katekisiti, King James inangokhomerera msomali, kuwerenga kumeneku nkwakale kwambiri. Tertuliano ndi Orijeni, aphunzitsi akale a mpingo cha mma 200, ankawerenga kale ndimeyi ngati ya mdyerekezi. Orijeni maganizo ake anali ofanana ndi a abusa a ku Ndirande, kuti mawu ogwa kuchokera kumwamba ndi aakulu kuposa mfumu ya padziko, ndipo anawalumikiza ndi Luka 10:18 ndi Ezekieli 28, paja pali kerubi mu Edene. Mukaonjezera Chivumbulutso 12:7-9, chinjoka choponyedwa pansi ndi angelo ake, ndi 1 Timoteo 3:6 imene ambiri amaimva kuti ikulumikiza kudzitukumula ndi kutsutsidwa kwa mdyerekezi, mwapeza ulusi wonse. Chinanso nchakuti anthu ankafuna yankho, Mulungu analenga zonse zabwino nanga woipayo anachokera kuti? Genesis sanena. Ndiye Yesaya 14 inadzaza mpata umenewo.

Koma si onse anavomera. Kalvini, mmodzi wa atsogoleri a kukonzanso mpingo, pofotokoza Yesaya anakana poyera, anati kuwerenga ndimeyi ngati ya Satana kunabwera chifukwa cha kusadziwa, popeza nkhani yonse ikuloza mfumu ya Babulo. Ndipo palibe malo mChipangano Chatsopano amene amanena mwachindunji kuti Yesaya 14 ndi mbiri ya Satana. Pa Luka 10 penipeni Ambuye akuyankha ophunzira amene angobwera kumene kotulutsa ziwanda, ndiye pali mtsutso ngati akunena kugwa kwa pachiyambi kapena kumene kukuchitika nthawi yomweyo. Onaninso vesi 15 ya Luka 10 yomweyo, mawu a kukwezedwa kumwamba ndi kutsikira kumanda akuuzidwa Kapernao, mudzi wa anthu.

Abusa a ku Ndirande
Ine ndikhalabe pakuti kuseri kwa mfumuyo kuli Satana. Babulo mu Chivumbulutso si mzinda chabe. Ulosi umatha kukhala ndi nkhope ziwiri ndipo makolo a mpingo sanali ana.

Mayi Mvangeli, Kasungu
Apo ine ndikugwirizana nanu pang'ono abusa, bola tizinena kuti ndi ife tikulumikiza ndi mavesi ena, osati kuuza anthu kuti Yesaya analemba dzina limene sanalembe. Alaliki a ku Mponela, achinyamatawo afunseni amene anaonapo nthanda. Ife tikamadzuka folo koloko kupita kumunda nthawi yolima imakhala ili ngwee kummawa kuposa nyenyezi zonse ngati ndiyo mwini thambo, koma ukangolima mizere iwiri dzuwa nkutuluka ukayang'ananso palibe. Akamva zimenezo vesi 12 ayimva okha.

Mlaliki wa ku Mponela
Zikomo nonse, ndapepukidwa. Ndichita chonchi, tiwerenga 4 mpaka 21 mu Buku Lopatulika, agogo aja ndiwapempha awerenge iwowo, achinyamata alembe mawu onse osonyeza kuti uyu ndi munthu wakufa. Kenako ndiwaonetsa ulendo wa mawu aja kuchoka ku Chihebri mpaka King James, ndi kuwauza poyera kuti Lamulungu ndinanena ngati dzinalo lili mu ndime pomwe mulibe. Za abusa a ku Ndirande ndizinenanso monga mmene Akhristu ambiri akale anawerengera, ndi Luka 10 ndi Chivumbulutso 12 patebulo. Chimene chikundivutabe ndi Ezekieli 28, chifukwa paja akuti unali mu Edene, kerubi wodzozedwa, ndipo ndikudziwa pali mnyamata wina adzafunsa. Aphunzitsi pamenepo ndiyankhe bwanji?

Aphunzitsi a Chihebri, Zomba
Ezekieli ndi wolimbirapo kuposa Yesaya, sindikubisirani. Baibulo la Chigiriki pa vesi 14 limawerenga ngati mfumu ya ku Turo inaikidwa pamodzi ndi kerubi osati iyo ndiyo kerubi, zimene zimapangitsa ena kuona Adamu pamenepo osati mngelo. Ndili mkalasi mpaka 3 koloko, madzulo ndilemba bwinobwino, pakadali pano werengani vesi 16 ndi 18 muone kuti tchimo lake akulimangiriza ku malonda.