Kalata yobisidwa mumdima: omvera adziwa bwanji popanda wowauza?

Mlembi Wachinyamata

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikusandutsa nkhani yaifupi kukhala sewero lomvera la mphindi 15, ndipo mwini nkhani anandipatsa chilolezo. Ndakakamira pakati penipeni. Mayi wina wabwerera kunyumba ya malemu bambo ake patapita zaka zambiri. Usiku, mvula ikugwa, akulowa m'chipinda cha malemuwo, akutsegula dirowa, akupezamo kalata yolembedwa kwa iye imene sinatumizidwe. Mlongo wake wamva mapazi, akubwera. Mayiyo akubisa kalata m'chovala. Mlongoyo akuona kuti dirowa ndi yotsegula koma sakunena kanthu. M'nkhanimo zonsezi ndi ndime zinayi zopanda wolankhula. Ine ndalemba chonchi:

MAYI: Ndalowa m'chipinda cha bambo. Nditsegule dirowa iyi. Aa, muli kalata! Ndiibise msanga, achimwene akubwera.

Poyeserera zamveka kuti mayiyu akuuza omvera, osati kuti ali yekha ndi mantha ake. Ndingatani?

Wowerenga Mabuku

Achimwene, mukudzivutitsa bwanji? Pezani munthu wa mawu abwino awerenge ndime zinayizo mmene zilili, pansi pake muike nyimbo yofewa. Ndimajambula mabuku omvera, anthu amawakonda ndithu, ndipo mawu a mlembi sawonongeka.

Mlembi Wachinyamata

Zikomo, koma amene andituma akufuna sewero, anthu azichita zinthu omvera akumva. Wofotokoza nkhani anandiletsa.

Wokonda Zamaphokoso

Chotsani mawu onsewo, phokoso ligwire ntchito lokha. Mvula, mapazi, chitseko, dirowa, pepala, nsalu, kenako mapazi ena. Chilichonse chimene mlembi anafotokoza chili ndi phokoso lake. Zikatsatana bwino omvera adzaona chithunzi chonse.

Mayi Wotsogolera Masewero

Achimwene a zamaphokoso, mwalondola kuti mzere uja uchoke, koma phokoso lokha silidzitchula dzina. Mvula yojambulidwa imafanana ndi mafuta akuthetheka m'poto. Dirowa imamveka ngati mpando ukukokedwa. Pepala litha kukhala kalata, nyuzipepala kapena sikiripiti imene wochita sewero waigwedeza mwangozi. Mukandandalika maphokoso asanu ndi awiri popanda mawu, womvera amayamba kuganizira kuti kodi chimenecho chinali chiyani, ndipo akamaganizira nkhani imamudutsa.

Mwana wanga mlembi, ntchito ya gawo la usikuli iyambire m'gawo la madzulo. Phokoso limene mukufuna kuti lidzalankhule lokha, liphunzitseni omvera msanga, pamene pali anthu awiri oti alitchule. Mlongoyo pomuonetsa nyumba atsegule chitseko cholira, mayiyo anene kuti, "Chikuliriabe chitseko cha bambo?" Iye ayankhe kuti, "Sindilowamo. Mapepala awo onse ali m'dirowa momwe anawasiya." Akokenso dirowayo, ikanirire, ilire kawiri isanatseguke. Mizere iwiri yokha, koma tsopano kulira kwa chitseko kwasanduka dzina la chipinda, ndipo kukanirira kwa dirowa kwasanduka mapepala a bambo. Usiku zikamvekanso, palibe wofunika kunena kuti ndalowa.

Chachiwiri, munthu anene chinthu pokhapokha ali ndi chifukwa chake chochinenera. Palibe amene amauza mnzake zimene onse awiri akuziona. Koma amafunsa, amakana, amadzudzula, amanama. Mdima umakuthandizani apa. Limodzi mwa masewero oyambirira olembedwera wailesi, limene BBC inaulutsa mu 1924, linachitikira mumgodi wa malasha magetsi atazima, kuti anthu a m'seweromo akhale osaona monga omvera. Inunso muli ndi usiku. Mlongoyo sakuona bwino, choncho ayenera kufunsa.

Mlembi Wachinyamata

Za chitseko ndamvetsa, mayi. Koma kubisa kalata ndi chinsinsi. Akatchula, mlongo wake amva. Akapanda kutchula, omvera sadziwa. Ndipamene ndikuzungulira.

Mayi Wotsogolera Masewero

Maikolofoni ndi khutu la womvera, ndipo muyenera kusankha kuti khutulo laima pafupi ndi ndani. Liimikeni paphewa pa mayiyo. Zonse za iye zimveke pafupi, mlongoyo amveke patali. Womvera akatero amamva zimene mlongoyo sangamve. Yesani motere:

PHOKOSO: CHITSEKO CHIKULIRA, CHIKUTSEKEDWA PANG'ONOPANG'ONO. MACHESI AKUYATSIDWA. DIROWA IKUKANIRIRA, IKUTSEGUKA. MAPEPALA.

CHEMWALI: (monong'ona, akuwerenga) "Kwa mwana wanga wamkazi..." Dzanja la bambo ili.

CHIMWENE: (patali, kuseri kwa chitseko) Ndani m'menemo?

PHOKOSO: PEPALA LIKUPINDIDWA MSANGA, PAFUPI. NSALU. CHITSEKO CHIKULIRA.

CHIMWENE: (akuyandikira) Achemwali? Simunagone mpaka pano?

CHEMWALI: Tulo sitikubwera. Ndimangofuna kuona chipinda.

CHIMWENE: Mumdima muno? Ndinamva ngati mukugwira mapepala.

CHEMWALI: Mapepala ati? Onani manja anga. Ndi mvula imeneyo.

Onani chimene chanyamula kubisako. Si phokoso la nsalu, ndi bodza. Womvera anamva kalata ikuwerengedwa, anamva ikupindidwa, tsopano akumva mayi akuti manja ali opanda kanthu. Amaphatikiza yekha, ndipo chimene waphatikiza yekha sachiiwala. Kuti ili m'thumba kapena pachifuwa zilibe ntchito mpaka pamene idzatuluke.

Mzere wonong'onawo ndaulola chifukwa anthu amawerengadi motulutsa mawu akadzidzimuka ndi cholembedwa. Ukhale umodzi. Mukawonjezera wachiwiri ndi wachitatu mwabwerera komwe munachoka. Onaninso kuti "simunagone" ndi "mumdima muno" zanena nthawi, ndipo "achemwali" yakumbutsa ubale wawo, popanda wina kuima n'kufotokoza.

Wojambula Mawu

Ndilowepo za ku situdiyo, chifukwa zolemba zabwinozi zitha kufera pa tebulo losakanizira mawu. Mdani wanu ndi mvulayo. Mvula ndi pepala zonse ndi phokoso lopyapyala, lokhala m'mwamba, ndipo kunong'ona nakonso kuli komweko. Mvula ikakwera, kalata ndi mzere wonong'onawo zimira. Iyambeni momveka masekondi anayi kapena asanu kuti malo adziwike, kenako chitseko chikamatsekedwa itsike ndipo ikhale yogonthera, monga imamvekera ukakhala m'kati. Ine phokoso lakumbuyo ndimalisiya madesibo 15 mpaka 20 pansi pa mawu, madesibowo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso. Womvera akangodziwa kuti kuli mvula amaisunga m'mutu, safuna kuti muzimukumbutsa mofuula.

Za mtunda, musangotsitsa mawu a mlongoyo pa makina. Mawu otsitsidwa amamveka ngati munthu wapafupi amene akulankhula motsitsa. Khutu limazindikira kutali pomva mmene chipinda chikubwezera mawu. Mayiyo aime masentimita 20 kuchokera pa maikolofoni, mlongoyo ayambire mamita awiri kapena atatu atatembenukira kumbali, ayende ndithu akulankhula.

Pa gawo limeneli masikiripiti awo akhale pa choikira, asawagwire m'manja. Pepala lokhalo lomveka likhale kalata. Musadalirenso kuika wina kumanzere, wina kumanja, chifukwa ambiri adzamvera pa sipika imodzi ya foni kapena ya wailesi yaing'ono, pomwe zonsezo zimasonkhana pakati.

Wokonda Zamaphokoso

Nanga mapazi? Mwawachotsa onse. Kwa ine munthu wolowa m'chipinda popanda mapazi amakhala ngati sanalowe.

Wojambula Mawu

A mlongoyo mutha kuika pang'ono, amathandiza kuopseza. A mayiyo ayi, akuzemba. Mapazi ochuluka amatenga malo a phokoso limene lili ndi uthenga.

Bambo Wazisudzo

Ine ndili ndi langa lofanana nalo. Ndinachitapo mdzakazi amene m'nkhani yoyambirira amangoima pakona n'kumaona zonse. Pa wailesi munthu wosalankhula amazimiririka. Patapita mphindi ziwiri ndinalankhula, omvera oyesera anafunsa kuti walowa nthawi yanji ameneyu. Tinakonza pomupatsa ntchito yomveka, kupukuta matambula, ndipo ena azimutchula apa ndi apo. Ndikunena izi chifukwa cha mlongoyo. Chete wake ndiye mtima wa nkhani, koma chete pa wailesi samveka kuti ndi wa ndani. Ndikadakhala ine ndikadakambirananso ndi okutumaniwo za wofotokoza. Mayiyo atakula, akukumbukira usikuwo, anene chiganizo chimodzi chokha. Sikulephera kumeneko.

Mayi Wotsogolera Masewero

Bambo, wofotokoza sindimudana naye, koma akabwera ayenera kukhalapo kuyambira pachiyambi. Akangotulukira pamalo amodzi ovuta, womvera amamva kuti pamenepo pasokedwa chigamba. Kuyang'ana kwa mlongoyo kusanduke chochita. Akhale chete masekondi atatu, mvula yokha ikumveka, kenako ayende n'kutseka dirowa. Ikanirira monga kale, ndipo womvera adzadziwa kuti waiona. Anene kuti, "Mugone bwino, achemwali," basi.

Bambo Wazisudzo

Koma pamenepo mwasintha nkhani, mayi. M'buku mayiyo sakudziwa ngati mlongo wake waona. Owerenga okha ndiwo akudziwa. Akatseka dirowa pamaso pake, wamuuza kuti ndakugwira.

Mayi Wotsogolera Masewero

Mwanena zoona. Pali njira ina: mayiyo atuluke, chitseko chilire, maikolofoni itsale m'chipinda ndi mlongoyo, kenako atseke dirowa ali yekha. Chinsinsi chasungika. Mtengo wake ndi wakuti khutu limene lakhala paphewa pa mayiyo kuyambira pachiyambi lamusiya, ndipo ena adzaganiza kuti wotseka dirowa ndi mayiyo wabwerera. Mlongoyo ausepo moyo momveka, kapena achite kachizolowezi kamene omvera akumudziwa nako kale, monga kukhosomola pang'ono asanalankhule.

Mlembi Wachinyamata

Ndabwera ndi zotsatira. Tajambula njira zonse ziwiri mwachangu, n'kumvetsera anthu amene nkhaniyi sakuidziwa, pa sipika ya foni. Ndinawafunsa kuti tili kuti, muli ndani, chachitika n'chiyani. Chipinda cha bambo onse anachizindikira pa kulira kwa chitseko, ndipo onse anati mayiyo watenga kalata n'kunama. Machesi ena anawamva ngati nsalu ikung'ambika, choncho m'gawo la madzulo mlongoyo adzamupatsa machesi n'kuwatchula, awayatse pomwepo.

Pa dirowa ndiye sitinagwirizane. Njira yotseka pamaso pake aliyense anaimva, koma anati awiriwa tsopano akudziwana, ndipo mapeto a nkhani amadalira kuti mayiyo asadziwe. Njira yotseka ali yekha ikusunga nkhani, koma ena anati wotsekayo ndi mayi, ngakhale panali kuusa moyo. Gawoli latalikanso kuposa mmene ndinaliwerengera pa pepala chifukwa cha malo a chete, ndiye ndiyenera kudula kwina. Njira zonse ziwiri ndazitumiza kwa mwini nkhani kuti amve. Achimwene ojambula, kodi mayiyo atamveka patali akutseka chitseko cha chipinda chake dirowa isanalire, zingathetse chisokonezocho, kapena zitseko ziwiri zisokoneza kwambiri?