Ndithandizeni: nthabwala zoti tiseke limodzi ndi amayi

Abale anga, amayi abwera kuno ku Leeds kuchokera ku Dedza kudzationera khanda. Chingerezi amangotolako apo ndi apo, pomwe ana anga awiri Chichewa amamva koma kuyankha ayi. Madzulo timafuna choonera choti tonse tiseke nthawi imodzi.

Mr. Bean anatigwira bwino chifukwa salankhula kwenikweni, nkhope ndi thupi ndizo zimagwira ntchito. Pamene mutu wake unakanirira m'nkhukundembo amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Koma magawo ake alipo 15 okha, tinamaliza sabata imodzi.

Friends ndiye inatikanika. Nthabwala zake zagona pa kaseweredwe ka mawu, ndiye ndikamayamba kumasulira anthu a mu TV aseka kale, ine n'kungotsala ndikufotokoza ngati mlandu. Ndinayesa Daliso Chaponda, uja anafika pa nambala 3 mu Britain's Got Talent mu 2017. Amayi ananyadira kuti ndi wakwathu, koma zina amakamba ndi za akuluakulu, moti ndinaimitsa msanga. Kuonera zotere ndili pampando umodzi ndi amayi sindingathe.

Ndikufuna za mitundu iwiri. Masewero a magawomagawo okamba za m'banja, apongozi, ngongole, alendo osachoka, a mphindi zosapitirira 30. Komanso wanthabwala woima yekha pa siteji amene amaseketsa ndi thupi kapena kutsanzira anthu, wosatukwana. Chilankhulo chilichonse, bola ipezeke pa YouTube kapena Netflix. Mukatchula, mundiuzenso gawo loyambira komanso ngati munaonera ndi makolo.