Banki yaimitsa akaunti yanga nditalandira ndalama za nyumba, ndipite ndi mapepala ati?

Mayi wa Atatu

Abale, ndithandizeni nzeru, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi ndisakugona tulo tabwino. Ndinagulitsa nyumba yanga mwezi watha, ndipo ndalama zake n'zofanana ndi malipiro anga a miyezi pafupifupi 40. Akaunti yomwe ndinapereka kwa ogula ndi yomwe ndimalandirira malipiro kwa zaka 9, simunalowepo ndalama zambiri chonchi.

Ogulawo analipira motere: magawo 7 mwa magawo 10 anatumiza kuchokera ku akaunti ya kampani yawo, otsalawo mng'ono wawo anakaika pa kauntala katatu pa masiku atatu otsatizana. Patapita masiku awiri ndinayesa kutumiza theka la ndalamazo kwa munthu amene akundigulitsa malo ena, zinakana. Khadi nalo likukana pa makina. Pa foni ndalama zikuoneka zonse, ngakhale malipiro a mwezi uno alowa, koma kutapa ayi.

Ku nthambi mtsikana wa pa kauntala anayang'ana pa kompyuta, anakaitana akuluakulu ake, iwo anangoti akaunti ikuunikidwa, ndibweretse umboni wa kumene kwachokera ndalama. Ndinapereka kalata ya mgwirizano wogulitsirana nyumba tsiku lomwelo, koma mpaka lero zii. Ndikafunsa chomwe ndalakwa amati sangathe kunena zambiri. Kodi chikusowa n'chiyani? Nanga ali ndi mphamvu zogwira ngakhale malipiro anga?

Kamba Wofatsa

Pepani amayi. Zinandichitikirapo nditalakwitsa nambala yachinsinsi katatu. Pitani ndi chiphaso chanu akupatseni khadi lina, n'za tsiku limodzi zimenezo.

Mayi wa Atatu

Zikomo achimwene, koma si khadi lokha. Ndi pa kauntala pomwe anandikaniza, chiphaso chili m'manja.

Wopuma Ntchito ya Banki

Amayi, ndagwira zaka zambiri mu ofesi yoona nkhani ngati zimenezi. Choyamba ndikufunseni: pa kalata ya mgwirizano ija palembedwa dzina la ndani ngati wogula, la munthuyo kapena la kampani yake?

Mayi wa Atatu

La munthuyo, bambo. Kampani sinatchulidwe paliponse, mng'ono wake yemwenso ayi.

Wopuma Ntchito ya Banki

Ndiye ndikuona pamene pakodwa nkhani yanu. Taganizani mmene wounikayo akuonera. Patsogolo pake pali sitetimenti yosonyeza kuti ndalama zachokera ku kampani ina ndiponso kwa munthu wina amene anaika katatu. M'dzanja lina ali ndi kalata yonena kuti nyumba yagulidwa ndi munthu wachitatu. Kalatayo ikutsimikiza kuti nyumba inagulitsidwa, koma sikutsimikiza kuti ndalama zimene zalowazi ndi za nyumbayo. Ntchito yake ndi kulunzanitsa zinthu zitatu, dzina, kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku, kuyambira kumene ndalama zinachokera mpaka mu akaunti yanu. Mwa zitatuzi, dzina ndi limene laduka.

Komanso kompyuta ya banki inaona zinthu zingapo nthawi imodzi. Potsekula akaunti munalemba kuti mumayembekezera ndalama zingati pa mwezi, ndiye mwadzidzidzi zalowa zochuluka maulendo 40. Zina zalowa za m'manja pang'onopang'ono masiku otsatizana, zomwe zimafanana ndi mmene amachitira anthu ozemba malire amene banki imayenera kupereka lipoti. Kenaka theka linafuna kutuluka pasanathe masiku atatu. Chilichonse pachokha si mlandu, koma zikakumana kompyuta imaimika mbendera, munthu n'kuyamba kufufuza.

Chimene mukufunika ndi mapepala olumikiza pamene paduka. Ogulawo alembe kalata yosainidwa, yolumbira pamaso pa loya ngati n'kotheka, yonena kuti anauza kampani yawo ndi mng'ono wawo kulipira m'malo mwawo, atchule ndalama zake ndi masiku ake ndendende monga zikuonekera pa sitetimenti. Kampani nayo ilembe pa pepala lake kuvomereza kuti inalipira, iphatikize satifiketi yolembetsera kampani ndi chikalata chosonyeza kuti bamboyo ndi mwini wake kapena mmodzi wa oyendetsa. Mng'ono uja apereke fotokope ya chiphaso chake ndi masilipi atatu aja. Inuyo onjezerani umboni woti nyumbayo inalidi yanu, monga chikalata cha umwini, ndi mapepala osinthira umwini ngati munayamba kale.

Pamwamba pa zonsezi ikani kalata yanu ya tsamba limodzi yofotokoza mwa dongosolo la masiku, ndipo kuwerengetsa kwa ndalama zinayi zija kufike ndendende pa mtengo wolembedwa pa mgwirizano. Zikasiyana, fotokozani chifukwa chake musanafunsidwe.

Mayi wa Atatu

Apa mwandigwira pamtima. Pa mgwirizano tinalemba mtengo wocheperako chifukwa mipando ndi thanki ya madzi tinagwirizana pakamwa pambuyo pake. Zolowa zaposa zolembedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 20. Ndilembe mgwirizano wina n'kuika tsiku lakale?

Wopuma Ntchito ya Banki

Ayi amayi, chonde musayerekeze. Banki ili kale ndi kalata yoyamba, ikaona yachiwiri ya tsiku lomwelo koma mtengo wina, nkhani imasanduka ya kupeka zikalata, ndipo kumeneko n'kovuta kubwerako. Lembani kalata yowonjezera ya tsiku la lero yonena kuti pa tsiku lakuti munagwirizana pakamwa za katundu wakuti pa mtengo wakuti, musaine nonse awiri ndi mboni. Ngati pa foni pali mauthenga amene munkakambirana za mipandoyo, asindikizeni muphatikize.

Wamalonda Wakale

Ine zimandikwiyitsa zimenezi. Ndalama n'zanu, banki ilibe mphamvu yozigwira popanda chilolezo cha khothi. Pitani ndi loya mawa lomwe muone ngati satsekula. Ulendo wina muziika pang'onopang'ono m'maakaunti awiri atatu, mavuto otere simuwaona.

Nachisale

Achimwene, zogawa ndalama zija n'zimene zawaika amayiwa m'mavuto, werenganinso bwino. M'mayiko ambiri kugawa dala kuti uzembe lipoti ndi mlandu pawokha ngakhale ndalamazo zikhale zoyera. Ine ndikayembekezera ndalama zambiri ndimapita ku banki zisanafike, mapepala m'manja.

Wopuma Ntchito ya Banki

A Wamalonda, mbali ina mukunena zoona: kulanda ndalama za munthu kapena kuzigwira nthawi yaitali kumafuna lamulo la khothi kapena la bungwe la boma lopatsidwa mphamvuzo. Koma kuimitsa kwa kanthawi pofufuza, mabanki ambiri anakulemba m'mfundo zimene tonse timasainira potsekula akaunti. Ndiye amayi afunse funso limodzi, molemba: kodi choletsachi chaikidwa ndi banki yokha, kapena pali lamulo lochokera kunja? Ngati ndi banki, mapepala ndiwo mankhwala. Ngati ndi khothi kapena bungwe la boma, manijala wa nthambi sangachichotse ngakhale atafuna, pamenepo loya ndi wofunikadi. Mwina sakuyankhani mwachindunji, komabe funsolo likhale pa pepala.

Zoti sakukuuzani chifukwa, musaziyese mwano. Bungwe la mayiko osiyanasiyana lotchedwa FATF, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989, lili ndi mfundo 40 zimene mayiko ambiri amatsata polemba malamulo olimbana ndi ndalama zopezeka mwachinyengo. Mfundo ya 20 imati banki ikakayikira ndalama ipereke lipoti mwamsanga ku bungwe la boma lounika za ndalama, ndipo ya 21 imaletsa wogwira ntchito kuulula kuti lipotilo laperekedwa. Sindikunena kuti inu anakulemberani lipoti, nkhani zambiri zimathera mu ofesi ya banki momwemo. Koma n'chifukwa chake mtsikana uja amayankha mawu omwewo kwa aliyense, ndipo kawirikawiri iye mwini sadziwa n'komwe.

Mlongo wa Kutali

Ineyo zanga zinali zochokera kunja, mwana wanga ananditumizira zomangira. Anandifunsa pepala lotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa, lotchedwa MT103, lochokera ku banki yake, mapeyisilipi ake a miyezi itatu ndi kalata yoti ndi mphatso. Zinatha sabata ziwiri. Mwina nanunso akufuna MT103 yomweyo, funsani.

Nachisale

Imeneyo imakhala ya ndalama zodutsa pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana mauthenga a ndalama, makamaka zochokera dziko lina, achemwali. Amayiwa angopempha kampani ija iwapatse umboni wa kutumiza wochokera ku banki yake.

Mayi wa Atatu

Ndamva. Koma za malipiro anga palibe wandiyankha. Ana akufunika fizi sabata ya mawa. Komanso wina wandilembera kumbali kuti ali ndi mnzake m'kati, ndimupatse kangachepe atsekule lero.

Nachisale

Ameneyo mutsekeni pompano, ndi wakuba. Musamupatse nambala ya akaunti kapena manambala obwera pa foni.

Wopuma Ntchito ya Banki

Za malipiro, lembani pempho lapadera loti choletsa chikhale pa ndalama za nyumba zokha, ndipo akuloleni kutapa malipiro. Phatikizani peyisilipi ndi kalata ya fizi. Mabanki ena amalola ngati choletsa ndi chawo, ena amakana, sindingakulonjezeni. Chilichonse mwapereka, akudindireni fotokope yanu ndi tsiku, ndipo mutenge nambala ya dandaulo. Masiku amene banki inalemba mu ndondomeko yake ya madandaulo akadutsa popanda yankho, pitani nayo nambalayo ku bungwe loyang'anira mabanki kapena lomva madandaulo a makasitomala m'dziko lanu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ndalama za m'manja zija. Akhoza kufunsa kumene mng'ono uja anazitenga, ndipo yankho lake silili m'manja mwanu. Ngati anazitapa ku akaunti ina, silipi yotapira ingathandize kwambiri.

Wamalonda Wakale

Nanga akakana kupereka? Wogula nyumba anatenga kale makiyi, angavutikirenji?

Mayi wa Atatu

Ndawaimbira ogula aja madzulo ano. Kalata yawo ndi ya kampani avomera, mawa tikumana kwa loya, ndipo ya mipando tisainira komweko. Kusintha umwini sikunathe, ndiye nawonso akufuna nkhaniyi ithe. Koma mng'ono wawo akuti masilipi awiri ali nawo, lachitatu silikuoneka, ndipo ndalamazo akuti n'za malonda ake a tsiku ndi tsiku, sizinatuluke mu akaunti iliyonse. Bambo a ku banki, kodi buku limene amalembamo zogulitsa lingalandiridwe ngati umboni, kapena ndipereke kaye zomwe zilipozi Lolemba?