Zaka zinayi pa loji popanda kontrakiti: nditani ndi ziopsezo za kuchotsedwa ntchito?

Wophika wa ku Makawa: Akuluakulu anzanga a m'maloji, ndithandizeni nzeru. Ndagwira ntchito yophika pa loji ina kwa zaka zinayi, ndipo ndimalandira K150,000 pa mwezi pamanja, koma sindinasainirepo kontrakiti. Chiyambire dzinja alendo achepa, ndipo bwana akumati aliyense wodandaula za maola owonjezera angotenga katundu wake tsiku lomwelo, popeza palibe pepala losonyeza kuti anatilemba ntchito. Kodi akandichotsa ndili ndi podandaula?

Mlonda wa ku Monkey Bay: Achimwene, ine ndimadziwa kuti munthu akakwanitsa miyezi itatu amakhala wokhazikika, choncho sangakuchotseni. Koma zopita kukhoti popanda pepala n'kungotaya ndalama za minibasi.

Mayi wosunga mabuku ku Boma: Bambo mlonda mwakhudza mbali ina, koma miyezi itatuyo mwaiika posayenera. Pa lamulo la Employment Act la 2000, mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ndiye ayenera kupereka chikalata cha malipiro, maola ndi notisi pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito. Kusowa kwa pepalalo n'kulakwa kwa bwana, osati kwanu. Kuchotsa angathe kukuchotsani, koma pakhale chifukwa chomveka, ndipo ngati akukunenezani mlandu ayambe wakumvani. Miyezi itatu imene imatchulidwa ndi nthawi yokadandaula kwa mkulu wa ofesi ya leba ya boma lino, kuwerengera tsiku limene mwachotsedwa.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi umboni wa zaka zimene agwira. Bwana amafika ku leba n'kunena kuti munthuyu anali waganyu wobwera pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha. Choncho kuyambira lero jambulani pafoni tsamba la buku limene mumasainira malipiro, ndandanda wa mashifiti wopachikidwa kukhitchini, ndi mauthenga onse amene bwana amakutumizirani okuuzani nthawi yobwera. Ngati mwezi wina anakulipirani pa Mpamba kapena pa Airtel Money, uthengawo usafufutidwe, chifukwa uli ndi deti ndi dzina la wotumiza. Zithunzizo tumizaninso kwa mbale wanu, pakuti mafoni kunyanja kuno sachedwa kugwera m'madzi.

Mlovi wa ku Malembo: Ifenso eni chilimira amatisiya pagombe usipa ukasowa, ndipo timagawana za tsiku lomwelo basi. Ndiye tikapite ku lebako tonse?

Mayi wosunga mabuku ku Boma: Yanuyo bambo ndi ina, chifukwa wolandira gawo la nsomba amayamba watsutsana ndi mwini boti ngati ali wantchito n'komwe. Muiyambitse payokha.

Wophika wa ku Makawa: Zikomo mayi. Nanga akangonena pakamwa kuti usabwerenso mawa, ndichite chiyani, ndipo ndingayembekezere zingati?

Mayi wosunga mabuku ku Boma: Pemphani kalata yokuchotsani. Akakana, mawa lake mufike pa nthawi yanu ndi mboni, kuti akakubwezani pageti pasadzamveke zoti munathawa ntchito nokha, ndipo tsiku lomwelo muwalembere uthenga wofunsa ngati akuchotsanidi. Musalembe kalata yosiya ntchito ngakhale akulonjezeni ndalama, ndipo musasaine pepala lonena kuti mwalandira zonse musanawerengetse.

Wolandira pa mwezi notisi yake ndi mwezi umodzi, kapena malipiro a mweziwo, ndiye K150,000. Ngati chifukwa chake n'kuchepa kwa alendo, kapena zikapezeka kuti anakuchotsani mopanda chilungamo, pali ndalama ya sevaransi, imene pa zaka zisanu zoyamba ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu. Kwa inu ndi masabata asanu ndi atatu, pafupifupi K277,000, ndipo pamwamba pake pali malipiro a masiku a tchuthi amene simunapite. Mkulu wa leba amayanjanitsa mbali ziwiri, ndipo akalephera nkhani imapita ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court, kumene bwana ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chimene anakuchotserani. Kumeneko milandu imachedwa, ndiye musamange bajeti pa ndalamazo.

Woperekera zakudya wa ku Chembe: Mayi, ine vuto langa ndi lakuti chaka chilichonse amatipumitsa Febuluwale ndi Malichi osalipidwa, n'kutiitananso pa Pasaka. Sindikukhulupirira kuti zaka zanga zidzawerengedwa zonse. Komanso mnzathu wina atapempha kontrakiti yekha, anamuchepetsera mashifiti mpaka anatopa n'kuchoka.

Mlonda wa ku Monkey Bay: N'chifukwa chake ndikuti achimwene asonkhanitse umboniwo mwakachetechete, asayambe apempha pepala nyengo ino ilibe alendo.

Wophika wa ku Makawa: Tilipo asanu ndi awiri kukhitchini ndi kuzipinda, ndipo anayi avomera kuti tonse tilembe kalata imodzi yopempha kontrakiti. Enawo akuopa. Buku la malipiro limakhala mu ofesi ya bwana, ndiye ndiyesa kujambula tsamba langa posaina kumapeto kwa mwezi uno.